N'chifukwa chiyani "Mulungu wanga!" amalemera pamene "oh my God" amapepuka?

Tsiku lina tikujambula sewero la pawailesi, mayi wina amene wachita zisudzo kwa zaka zambiri anaima pakati pa mzere n'kutsitsa pepala. Pamzerepo panalembedwa kuti, "Mulungu wanga, mandasiwa akukoma!" Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi m'mandasimu apezamo singano?" Tonse tinaseka, koma funsolo linali lolasa. Sewerolo linalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene anamasulira koyamba atapeza *oh my God* anaika mawu ofanana nawo m'Chichewa, liwu ndi liwu. Palibe liwu limene analiphonya. Chikhalirecho mzerewo unkamveka ngati wa munthu amene waona ngozi, osati amene walawa chokoma.

Mkangano wotere umabuka pafupipafupi pakati pa omasulira masewero, mabuku a ana, mafilimu ndi mauthenga a pawailesi. Ena amati timasulire zimene zalembedwa, chifukwa kusintha n'kunamiza mwini nkhani. Ena amati tilembe zimene Mchewa anganene. Kuti tione pamene pagona vuto, tiyambe ndi mawuwo.

Mfuwu n'chiyani?

Amene anaphunzira galamala ya Chichewa akukumbukira mitundu ya mawu: dzina, mneni, mfotokozi, mlumikizi ndi ina. Kumapeto kwa mndandandawo kumakhala mfuwu, mawu otuluka mwadzidzidzi munthu akadabwa, akamva ululu, akakondwa kapena akanyansidwa. Iii! Ha! Ogo! Mayo! Asa! Mfuwu umaima wokha. Susowa mwininkhani kapena mneni kuti umveke.

Mu 1992 katswiri wa zinenero wa ku Ghana, Felix Ameka, anagawa mifuwu m'magulu awiri, ndipo kagawidwe kameneka kamathandiza kwambiri womasulira. Gulu loyamba ndi la mawu amene alibe ntchito ina koma kufuula basi. *Wow* ndi *ouch* ali m'gulu limeneli, monganso Iii ndi Ogo. Gulu lachiwiri ndi la mawu amene ali ndi tanthauzo lawolawo koma abwerekedwa kuti akhale mfuwu. Munthu akati "Abale inu!" sakuitana abale ake, ndipo angathe kunena ali yekha m'nyumba. Akati "Zoona?" nthawi zambiri sakukayika, akungodabwa. *Oh my God* ali m'gulu lachiwirili. Msampha wagona pomwepa: mawu a gulu lachiwiri amaoneka osavuta kumasulira chifukwa liwu lililonse lili m'dikishonale, pamene ntchito imene akugwira pamalopo si ya m'dikishonale ayi.

Ambiri amaganiza kuti mfuwu uli ngati kuyetsemula, kuti thupi limangotulutsa lokha. Zikanakhala choncho bwenzi anthu onse akufuula mofanana. Koma Mfalansa akapsa chala amati *aïe*, Mjeremani amati *au*, wolankhula Chipwitikizi ku Tete amati *ai*, Mshona amati *maiwe*, ife timati mayo. Kufanana kulipo ndithu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024, amene anayerekeza zinenero 131, anapeza kuti mifuwu ya ululu imakonda liwu la "a" m'madera ambiri a dziko. Pakamwa pamayasama chimodzimodzi, koma chotulukapo chimaumbidwa ndi chinenero chimene mwana anayamwira. Ndiye kuti mfuwu ndi liwu lophunziridwa ngati mawu ena onse, ndipo umafunika kumasuliridwa ngati mawu ena onse.

Kusintha ndalama

Njira yosavuta yomvetsera vuto la *oh my God* ndi kuganiza za kusintha ndalama. Palibe amene amapereka dola imodzi n'kulandira kwacha imodzi poti zonse zalembedwa 1. Chimene timayang'ana ndi mphamvu yake, kuti ndalamayo igula chiyani. Mifuwu nayo ili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imagwa mawu akagwiritsidwa ntchito kwambiri.

M'Chingerezi cha masiku ano, makamaka cha m'mafilimu a ku America, *oh my God* ndi ndalama imene inagwa kalekale. Munthu amanena akaona nsapato yokongola, akaiwala makiyi, akakumana ndi mnzake wakale, komanso akamva za imfa. Chidule chake, OMG, chinapezeka m'kalata imene mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, John Fisher, analembera Winston Churchill mu 1917, ndipo mu 2011 chinalowa m'dikishonale yaikulu ya Oxford. Sikuti olankhula Chingerezi onse amawaona mawuwa mopepuka. Alipo amene amawapewa, n'chifukwa chake kuli *oh my gosh* ndi *oh my goodness*, mawu ozembera dzina la Mulungu. Koma kwa ambiri dzinalo silimvekanso mkati mwa mfuwuwo.

Kwathu "Mulungu wanga!" akadali ndi mphamvu zake pafupifupi zonse. Timawamva pamsewu pachitika ngozi, pakhomo pafika uthenga wa maliro, ndi m'pemphero. Amene anakulira m'tchalitchi amawamva pa Lachisanu Loyera, m'mawu a Yesu pamtanda ochokera mu Salimo 22, ndipo anaphunzira ali ana lamulo la pa Eksodo 20:7 loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe. Choncho womasulira akaika mawu amenewa pa mandasi, amalakwitsa pawiri. Choyamba, wakweza kanthu kakang'ono kukhala tsoka. Chachiwiri, wasintha khalidwe la wolankhulayo, amene tsopano akumveka kwa omvera ena ngati munthu wosasamala za dzina la Mulungu, pamene mlembi sanafune zimenezo.

N'zoona kuti m'tauni achinyamata ena amati "Mulungu wanga" mopepuka, ndipo ena amangonena a Chingereziwo osamasulira. Womasulira ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa ngati wolankhula m'sewero ndi mtsikana wa ku koleji ku Zomba akucheza ndi anzake, kumusiyira mawu a Chingerezi kungakhale kolondola kuposa kum'patsa "Kalanga ine!" Koma chimenecho ndi chisankho chokhudza munthu mmodzi, osati lamulo la sewero lonse.

Mphindi imodzi ndi theka kukhitchini

Tibwerere ku sewero lija. Gawo lomwe linativuta linali lalifupi, la mphindi imodzi ndi theka. Mayi, amene m'seweromo ndi Nambewe, akukazinga mandasi. Apongozi awo aakazi akhala pamkeka. Mwana wawo Chisomo akulowa ndi zotsatira za mayeso a Fomu 4. M'gawo limeneli *oh my God* analimo kanayi, *wow* kawiri, *ouch* kawiri. Womasulira woyamba anaika "Mulungu wanga" kanayi konse, "Mayo" pa *ouch* paliponse, ndipo *wow* anangomusiya momwemo.

Pa mfuwu uliwonse tinadzifunsa mafunso atatu. Chachitika n'chiyani? N'chachikulu bwanji? Akunena ndani, pamaso pa yani?

Woyamba unali wa Chisomo atalawa mandasi. Chachitika ndi kukoma, kanthu kakang'ono, ndipo mwana akulankhula ndi mayi ake. Tinalemba kuti, "Mmm, amayi, koma lero ndiye mwaphikatu!" Onani kuti mfuwu wa Chingerezi uja sunalowedwe m'malo ndi liwu limodzi. Mphamvu yake yagawika patatu: pa "mmm", pa "koma … ndiye", ndi pa "-tu" wa kumapeto. Chichewa chimachita zimenezi kawirikawiri. Kudabwa kumene Chingerezi chimakuunjika kutsogolo kwa chiganizo, ife timakumwaza m'chiganizo chonse.

Wachiwiri unali wa Nambewe atazindikira kuti waiwala mandasi m'mafuta ndipo ayamba kupserera. Apa pali kudzidzimuka ndi kadandaulo pang'ono. Tinayesa "Ogo!" koma mayi wa zisudzo uja anati limeneli limamveka ngati la munthu amene wakhumudwa chinthu chitatha kale, pamene Nambewe akuthamangira chiwaya. Iwo anasankha "Iii, abale, mandasi anga!" Atanena mu maikolofoni, tonse tinaona mayi akudumpha kupita pamoto.

Wachitatu unali pachimake. Chisomo akuulula kuti wakhoza ndi mapointi 14, ndipo Nambewe akufuula. Pano nkhani ndi yaikulu ndipo ndi yachimwemwe. Apa pokha ndi pamene dzina la Mulungu linakwanira, koma osati m'kaumbidwe ka Chingerezi. Mayi wa Chichewa akalandira uthenga wotere sanena kuti "Mulungu wanga". Amathokoza: "Ambuye ndi abwino!" kapena "Zikomo Ambuye!" Ndipo asanalankhule n'komwe amayamba ndi nthungululu. Tinalemba m'pepala kuti aimbe nthungululu, kenako "Zikomo Ambuye! Mwana wanga iwe!" Nthungululuyo m'Chingerezi munalibe. Wina anganene kuti tawonjezera. Ine ndimaona kuti tinangobweza mphamvu imene mlembi anaika m'mawu ake, m'ndalama yakwathu.

Wachinayi ndi umene unatitengera nthawi. Apongozi akuuza Nambewe kuti mwana wa oyandikana nawo, mnzake wa Chisomo, ali ndi pakati ndipo sanalembe n'komwe mayeso. Nambewe akuyankha chapansipansi. Akanakhala kuti akuuzidwa ndi mnzake kuchitsime, akanati "Ukunama!" kapena "Aaa, iwe!" Koma awa ndi apongozi. Mkamwana sangauze apongozi ake kuti akunama, ngakhale mwa mfuwu. Tinalemba kuti, "Iii! Zoona, amayi?" Chingerezi sichinasiyanitse chilichonse apa, poti *oh my God* yemweyo amanenedwa kwa bwenzi, kwa bwana ndi kwa agogo. Chichewa chimakakamiza womasulira kusankha, ndipo akapanda kusankha bwino, mkamwana waulemu amasanduka wamwano popanda mlembi kudziwa.

Mawu amodzi a Chingerezi, mayankho anayi osiyana. Ndipo "Mulungu wanga" sanalowe ngakhale pamodzi. Akanalowa Nambewe akanamva kuti mwanayo wagundidwa ndi galimoto.

Wow ali ndi nkhope zambiri

*Wow* ndi liwu lakale, lochokera ku Scotland, kumene linalembedwa kale m'zaka za m'ma 1500. Lero limamveka ngakhale m'minibasi ya ku Ndirande, ndiye ena amafunsa kuti kulimasulira n'kofunikiranji. Yankho lake ndi lomwe lija: zimadalira pakamwa pamene likutuluka. Mwa Chisomo lingakhale. Mwa agogo ake silingakhale.

Vuto lenileni la *wow* ndi lakuti tanthauzo lake lili m'kamvekedwe, ndipo papepala kamvekedwe sikaoneka. Pali *wow* wosirira, wa munthu amene walowa m'nyumba yatsopano ya mnzake. Ameneyu ndi "Eee, koma mwamangatu!" kapena "Si kukongola kwake!" Palinso njira ina imene imasokoneza alendo ophunzira Chichewa, yoyamikira ndi liwu lokana: "Ayi ndithu, nyumba ndi imeneyi." Pali *wow* wodabwa ndi kuchuluka, ngati munthu wamva mtengo wa thumba la feteleza: "Iii, mpaka pamenepo?" Pali *wow* wonyoza, wotuluka mosakweza mawu, wa munthu amene mnzake wamuchita chipongwe: "Chabwino, taziona", kapena "Koma ziliko." Ndipo pali *wow* wongosonyeza kuti ndikumvetsera, pitirizani, amene kwathu ndi "Eti?", "Ndithu?" kapena "Ooo".

Womasulira amene wapatsidwa pepala lokha, popanda kumva mawu kapena kuona chithunzi, ayenera kuwerenga mizere iwiri ya m'mbuyo ndi iwiri ya kutsogolo asanasankhe. Kawirikawiri yankho la munthu winayo ndi limene limaulula. Ngati akuyankha kuti zikomo, *wow* anali wosirira. Ngati akuyamba kudziteteza, anali wonyoza.

Pa kusirira, Chichewa chili ndi chida chimene Chingerezi chilibe chambiri, ndicho mvekero, mawu ojambula mmene chinthu chikuonekera kapena kumvekera. Pamene Chingerezi chikuti *wow* kenako n'kunena kuti malaya ndi oyera kwambiri, ife tingangoti, "Malaya ake kuyera kuti mbee!" Kudabwa konse kwalowa mu "mbee", ndipo mfuwu wa kutsogolo sukufunikanso. Omasulira ambiri atsopano amaiwala mvekero chifukwa m'chiganizo cha Chingerezi mulibe chowakumbutsa. M'sewero lathu, *wow* wa agogo poona pepala la zotsatira anakhala "Ha! Mdzukulu wangayu ndi mutu ndithu", ndipo wa Chisomo poona mulu wa mandasi anakhala "Eee, beseni lonse kuti tho!"

Ouch ndi mayo si mapasa

Mukafunsa aliyense kuti *ouch* m'Chichewa n'chiyani, ayankha msanga kuti "mayo". Sakunama, koma apanso pali nkhani ya mphamvu. "Mayo" ndi kuitana mayi, monga *maiwe* wa Chishona ndi *mamma mia* wa Chitaliyana, ndipo ndi liwu lomwelo limene limamveka pa maliro. Limafika pa ululu weniweni: kupsa ndi madzi otentha, kulumidwa ndi chinkhanira, kugwa panjinga. *Ouch* nthawi zambiri ndi wa tinthu tating'ono, monga kubayidwa ndi singano posoka kapena kugunda chigongono pachitseko. Pa zoterezi munthu amati "Iii!" kapena "Aa!", kapena amangokoka mpweya pakati pa mano.

M'sewero lathu *ouch* woyamba anali wa Nambewe mafuta otentha atamuthovukira padzanja. Tinasiya "Mayo!" chifukwa mafuta a mandasi saseweretsa. Koma tinam'patsa "Mayo!" mmodzi, wachidule, osati "Mayo ine, mayo!" amene akanachititsa omvera kuganiza kuti chiwaya chonse chamukhuthukira.

Wachiwiri sanali wa thupi n'komwe. Agogo akuseka Chisomo kuti wakhoza mayeso koma nsima yake ikadali ya mibulu, ndipo Chisomo akuti *ouch*. Uku ndi kuvomereza mwanthabwala kuti mawuwo alasa. "Mayo" apa akanamveka ngati agogo amutsina. Tinalemba kuti, "Aaa, agogo, mpaka kundiyalutsa?" Palinso *ouch* wachitatu amene m'seweromo munalibe koma amapezeka kwambiri m'mafilimu, wa munthu amene akuonerera mnzake akugwa. Ululuwo si wake. Kwathu woonerera amati "Iii, pepani!" kapena "Pepa!" kwa mwana. Mawu akuti pepani pamenepa sakutanthauza kuti wolankhulayo walakwa, ndipo Chingerezi chilibe liwu limodzi logwira ntchito imeneyi ndendende. Uwu ndi umodzi mwa mipata imene kumasulira kumapatsa omvera chinthu chachibadwa kuposa chimene chinali m'chiyambi.

Liwu loti "Asa!" ndi lofunika kusamala nalo. Limatuluka munthu akapwetekedwa ndi kupsa mtima nthawi imodzi, monga wina akamuponda phazi mumsika. Lili ndi ukali umene *ouch* alibe, ndipo mwana akalinena pamaso pa akulu amadzudzulidwa. Kutsonya nakonso n'chimodzimodzi.

Zikapita pakanema

Pawailesi tinali ndi ufulu wotalikitsa mzere. Pakanema ufuluwo umachepa, ndipo pali njira ziwiri zosiyana.

Yoyamba ndi mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Malamulo ofala amalola mizere iwiri yokha nthawi imodzi, uliwonse wa zilembo zosapitirira 42, ndipo woonera ayenera kupatsidwa nthawi yowerenga. Mawu a Chichewa ndi aatali kale, choncho malo amatha msanga. Apa nzeru yodziwika ndi yakuti mfuwu umene woonera akuumva ndi khutu ndi kuuona pankhope sufunika kulembedwa. Munthu akagunda chala n'kufuula, palibe amene akufuna kuwerenga kuti adziwe kuti zapweteka. Mzere wa mafuta uja, m'fayilo ya SRT imene imasunga mawu ndi nthawi yake, ungangokhala chonchi:

```
14
00:01:02,300 --> 00:01:04,100
Mafutawa andiwotcha!
```

Chiganizochi chaonekera kwa masekondi osakwana awiri, ndipo "Mayo" akanangodya malo. Kusiyana kumabwera ngati mawuwo akulembedwera anthu osamva. Iwo sangamve kufuulako, ndiye mfuwu uyenera kulembedwa.

Pa zolembedwa pali msampha wina wa Chichewa chokha. Kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. "Eee" wovomera ndi "Eee" wodabwa amalembedwa mofanana. Tiyerekeze kuti wina wafunsa kuti, "Kodi mukudziwa kuti anagulitsa munda?" ndipo winayo wati *wow*. Mukalemba "Eee!" woonera awerenga kuti inde, ndikudziwa, zomwe ndi zotsutsana ndi nkhaniyo. Pamenepo ndi bwino kulemba "Zoona?" kapena "Iii!" "Aaa" nayenso angawerengedwe ngati kukana, kukayika kapena kudandaula. Mfuwu wa lembo limodzi ukaima wokha pakanema, uyenera kuonedwa kawiri.

Njira yachiwiri ndi kuika mawu a Chichewa pakamwa pa wosewera. Apa chowerengedwa ndi maphatikizo ndi milomo. *Oh my God* ali ndi maphatikizo atatu, "Mulungu wanga" asanu, "Abale inu" asanu. *Ouch* ali ndi limodzi, "Mayo" awiri. Ngati nkhope ya wosewera ili pafupi, woonera amaona pakamwa patatsekeka mawu akupitirira. Ndiye womasulira amasankha "Abale!" wa maphatikizo atatu, amene ali ndi "b" wotseka milomo pafupi ndi pamene "m" wa Chingerezi akutsekera. Ngati wosewera watembenuka kapena ali patali, mpata umakhalapo.

Anyamata amene amamasulira mafilimu a ku China ndi ku Nigeria oonetsedwa m'nyumba za kanema m'misika yathu salabadira milomo, ndipo nthawi zina amawonjeza zawo mpaka nkhani kusokonekera. Koma pa mifuwu pokha ndimawapatsa ulemu. Iwo sayang'ana pepala. Amayang'ana nkhope ya munthu amene wamenyedwa chibakera n'kunena chimene munthu wa pa Mbayani anganene atamenyedwa choncho, ndipo n'chifukwa chake anthu amaseka pamalo oyenera kuseka.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika?

Chizindikiro choyamba ndi chimene tinaona mu situdiyo: wosewera waluso akaima kapena akasintha mzere yekha, vuto lili pamzerepo. Ngati mulibe wosewera, werengani mokweza, mwaliwiro limene munthu angalankhulire zinthuzo zikumuchitikira. Mfuwu wolakwika umakakamira pakhosi. Chachiwiri ndi kubwerezabwereza. Mukapeza "Mulungu wanga" kakhumi m'masamba asanu, dziwani kuti womasulira anasiya kumvetsera anthu a m'nkhaniyo n'kuyamba kusintha mawu ngati makina. Chachitatu ndi pamene anthu onse m'nkhani akudabwa mofanana, agogo, mwana wa sukulu ndi wapolisi. Pamoyo weniweni sizitero. "Kalanga ine!" ndi wa akuluakulu ndi wa m'mabuku, "Shaa!" ndi wa achinyamata, "Hede!" ndi wa amayi akamaseka mnzawo monyodola, ndipo amene anakhalako ku Joni amabwerako ndi "Eishi". Ngati nkhani ikuchitikira m'banja la Chisilamu ku Mangochi, "Zikomo Ambuye" wa Nambewe uja sangakhale, poti kumeneko pali mawu awo a Chiarabu othokozera ndi odabwira. Ngati omvera ali ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi bwino wa komweko awerenge kaye, chifukwa Chinyanja cha m'tauni za ku Zambia chatenga mawu ambiri ku Chibemba.

Pali njira imodzi yoyesera kumasulira imene mabungwe ambiri amaikhulupirira koma pa mifuwu imasocheretsa. Amapereka Chichewacho kwa munthu wina kuti achibwezere m'Chingerezi, kenako n'kuyerekeza ndi choyambirira. Pa malangizo a mankhwala njira imeneyi imagwira zolakwika zenizeni, monga mlingo wosinthika. Pa mifuwu imapereka mphotho kwa wolakwa. "Mulungu wanga" amabwerera ndendende ngati *oh my God*, ndipo woyang'anira amene sadziwa Chichewa amachonga. "Iii, abale, mandasi anga!" amabwerera ngati chiganizo chonena za achibale, ndipo woyang'anira amafunsa kuti achibalewa achokera kuti.

Zinatichitikira pa sewero lomweli. Pepala linabwerako ndi funso lofiira pambali pa mzere wachiwiri uja, lofunsa ngati m'khitchinimo mwalowa anthu ena. Kuyambira pamenepo, ndikamatumiza ntchito ndimaika kagawo kachitatu pambali pa mfuwu uliwonse, kofotokoza mwachidule ntchito yake: kudzidzimuka pang'ono, kusirira, ululu waukulu, kudabwa mwaulemu pamaso pa wamkulu. Woyang'anira amayerekeza ntchitoyo ndi imene mlembi anafuna, osati mawu ndi mawu. Pa mzere wa apongozi uja anabwezanso funso, kuti n'chifukwa chiyani Nambewe akufunsa ngati nkhaniyo ndi yoona pamene m'Chingerezi sakukayika. Ndinayankha kuti sakukayika, akudabwa atagwada. Anachonga, ndipo sewerolo linaulutsidwa ndi "Zoona, amayi?" momwemo.